Yankho la Chingerezi M'manja mwa Munthu wa ku Malambo



Munthu wa kuno akapita ku ofesi ndi nkhani yake, nthawi zambiri amayankhidwa pakamwa. Kalaliki amamufotokozera m'Chinyanja, mwina ndi m'Chikunda momwe ngati ndi mwana wa kuno, ndipo munthuyo amatuluka mtima uli m'malo chifukwa wamva zonse. Ine lero ndabwera kudzakulimbikitsani chinthu chimene poyamba chimveka ngati kudzipalira makala pamutu: nkhani ikakhala yaikulu, pemphani kuti akuyankheni polemba, ndipo polembapo alembe m'Chingerezi, ngakhale Chingerezicho simuchiwerenga bwino. Koma pempho limeneli lili ndi mtolo wake. Mukalandira pepalalo ntchito ndiye yayamba, chifukwa muyenera kupeza njira yotsimikizira kuti zimene mukuganiza kuti lanena ndi zimenedi lanena.

Tiyambe ndi chifukwa chake. M'chigwa muno tili ndi zilankhulo zosanjikizana. Pakhomo ambiri timalankhula Chikunda, ena Chinsenga, ena Chibisa kumtunda uko. Kutchalitchi, pawailesi ndi kumsika wa ku Cropping timakumana m'Chinyanja, chimene ndi chimodzi mwa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankhira zigawo za dziko lino. Koma gawo 258 la malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, limanena kuti chilankhulo cha boma ndi Chingerezi. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti pepala limene lidzayende kuchoka ku khonsolo ya Mambwe kupita ku Chipata, kuchoka ku Chipata kupita ku Lusaka, n'kukalowa mu failo, ndi pepala la Chingerezi. Mawu a pakamwa amathera pakhomo pa ofesi. Amene anakuuzani atha kusamutsidwa mwezi wamawa, ndipo wobwera m'malo mwake adzakufunsani funso limodzi lokha: muli ndi kalata?

Choncho yankho la Chingerezi silikhala lanu nokha. Mumalipemphera maso a anthu ena amene simunawaonepo: mkulu woona za malo, loya wa bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, woweruza. Vuto lagona poti pepala lomwelo limene likalankhule kwa iwowo likulankhulanso kwa inu, likukuuzani zoti muchite ndi tsiku loti muchite, m'chilankhulo chimene mumangotolamo mawu apa ndi apo.

Nditenga nkhani imodzi ya malo, chifukwa kuno ku Lupande ndi imene imagonetsa anthu maso ali gwa. Kuyambira 1950, pamene Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo odzaona nyama, kufikira 1972 pamene South Luangwa inakhala paki, mpaka lero pamene ndege zimatera ku Mfuwe, mtengo wa dothi la m'mbali mwa msewu wakhala ukungokwera. Ofuna malo a maloji, masitolo ndi nyumba ndi ambiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu oona mtima. Koma onse amafuna taitolo.

Lamulo la malo la 1995 linatsegula njira yosandutsira malo a makolo kukhala malo a lizi. Njirayo imayambira kwa mfumu, imene imalemba kuti yalola. Kenako khonsolo imaona pempholo n'kulembera Komishonala wa Malo kuti ikuvomereza kapena ayi. Popeza ife tikukhala m'dera losungiramo nyama loyandikana ndi paki, mkulu wa dipatimenti ya mapaki ndi nyama zakutchire nayenso ayenera kufunsidwa. Wopereka lizi ndi Komishonala, m'dzina la Pulezidenti, ndipo malo akapimidwa ndi akatswiri liziyo imakhala ya zaka 99. Gawo lachitatu la lamulolo limanenanso kuti munthu aliyense amene angakhudzidwe ndi kuperekedwa kwa malowo ayenera kufunsidwa kaye. Mawu amenewo muwasunge. Ndipo dziwaninso kuti lamulolo silinaike njira yoti malo amene alowa mu lizi abwererenso m'manja mwa mfumu.

Tsopano tiyerekeze mayi wina wamasiye wa m'mudzi wa m'mbali mwa msewu wopita ku Chipata. Banja lawo, atakambirana ndi atsibweni awo pamaso pa anyakwawa, linalola kupatsa mlendo wina malima awiri a munda wakale kuti amangepo sitolo ndi chigayo. Patapita miyezi ingapo, mayiwo akuona anthu akukhoma zikhomo kudutsa mtengo wa bwemba umene unali malire, kulowa m'munda umene amalimamo thonje. Akufuna kudziwa chimene chalembedwa ku khonsolo.

Kapemphedwe kake nkofunika kwambiri, chifukwa yankho limatengera funso. Mayiwa akalembetsa kalata yodandaula yamasamba atatu, yofotokoza mbiri ya mundawo kuyambira pa agogo awo, adzalandira yankho laulemu lonena kuti nkhaniyo ikuonedwa, ndipo sadzadziwa kanthu. Kalata yabwino ndi yaifupi, ya mafunso ochepa oikidwa manambala. Funso loyamba: kodi pali pempho la taitolo pa malo akutiakuti, ndipo ndi la yani? Lachiwiri: malowo ndi aakulu bwanji? Lachitatu: pempholo lafika pati, likadali ku khonsolo kapena lapita kwa Komishonala? Lachinayi: ngati ndikutsutsa, ndilembere yani, ndipo tsiku lomaliza ndi liti? Kumapeto kwa kalatayo mayiwo anene poyera kuti Chingerezi sachiwerenga bwino, ndipo apemphe kuti yankho litsate manambala omwewo, ziganizo zikhale zazifupi, ndipo kukula kwa malo ndi masiku zilembedwe m'manambala.

Ena amachita manyazi kulembetsa mawu akuti sindiwerenga bwino Chingerezi. Ine ndimaona kuti ndi chiganizo champhamvu kuposa zonse m'kalatamo. Chimachenjeza wolemba yankho kuti asabise mfundo m'mawu ataliatali, ndipo nkhani ikadzafika kutsogolo chidzasonyeza kuti mayiwo ananeneratu vuto lawo pachiyambi. Manambalawo nawo ali ndi ntchito: munthu amene sadziwa liwu ngakhale limodzi la Chingerezi atha kuwerenga ndi chala kuti anafunsa zinayi, ayankhidwa zitatu.

Kalatayo ipite ili pawiri. Imodzi itsale ku ofesi, inayo aidinde sitampa ya tsiku limene ailandira n'kubwerera nayo kunyumba. Yankho likadzatuluka likhale ndi tsiku, dzina ndi udindo wa wosaina, sitampa, ndi nambala ya failo imene imalembedwa pamwamba. Pepala lopanda zimenezi lili ndi mphamvu yochepa, ngakhale Chingerezi chake chikhale chokoma bwanji.

Tinene kuti yankho labwera. Ndi tsamba limodzi, ndime zinayi. Mayiwo apatsa mdzukulu wawo wa giredi 9, mnyamata wochenjera ndithu. Iye ayang'ana pepalalo, milomo ikugwedera, kenako n'kunena kuti: "Agogo, akuti palibe vuto. Akuti ndi awiri omwe aja, ndipo nkhaniyo sinathe, akadzamaliza adzatiuza."

Mnyamatayu sananame. Koma tiyeni tione chimene kalatayo yanena. Ndime yoyamba ikuti pempho lilipo, ndipo labwera ndi kalata ya chilolezo cha mfumu. Yachiwiri ikuti malowo ndi mahekitala awiri. Yachitatu ikuti komiti yaona pempholo ndipo yati ndi loyenera, koma silinatumizidwe kwa Komishonala. Yachinayi ikuti aliyense wotsutsa alembe kalata pasanathe masiku 14 kuchokera pa tsiku la kalatayi, apo ayi pempholo lipita patsogolo.

Mwaona pamene pagona msampha. Nambala ndi yomweyo, 2. Banja linalola malima awiri, pepala likuti mahekitala awiri. Lima imodzi, monga alangizi a zaulimi anatiphunzitsira, ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, ndipo malima anayi ndiwo amapanga hekitala imodzi. Malima awiri ndi kamunda ka mamita 50 kwa 100. Mahekitala awiri ndi malima asanu ndi atatu, mamita 100 kwa 200. Malo achuluka kanayi popanda nambala kusintha. Sindikunena kuti wina wachita zachinyengo. Kungatheke kuti pamene mawu a pabwalo ankasandutsidwa kalata, wolemba anangoika muyeso umene anauzolowera pa mafomu. Koma zikalowa mu lizi, munda wa thonje wapita zaka 99, kaya chinali chinyengo kaya kuphonya kwa cholembera.

Nanga mnyamata uja analakwitsa pati? Anachita zimene munthu aliyense wodziwa chilankhulo mwatheka amachita. Anagwira mawu amene akuwadziwa n'kudumpha amene sakuwadziwa, ndipo mipata yotsalayo anaidzaza ndi zimene ankayembekezera. Chingerezi cha kusukulu ndi cha nthano ndi mayeso. Cha m'maofesi chimanyamula katundu wake pa timawu tating'ono totanthauza kuti pokhapokha, pasanathe, apo ayi, ngati zakutizakuti zitachitika. Timawu timeneti ndi timene wowerenga wosazolowera amapondapo osationa. Chinanso, ndi mwana. Mwana wa kuno sauza agogo ake kuti apa sindinamve, ndipo safuna kukhala iye wobweretsa uthenga woipa m'nyumba.

Pali zizindikiro zimene zingakuuzeni kuti kuwerenga sikunayende bwino ngakhale inu simukudziwa Chingerezi. Kalata ikakhala ya tsamba lathunthu koma wokuwerengerani wamaliza ndi mpweya umodzi, china chatsala. Akakuuzani zabwino zokhazokha, kaikani, chifukwa makalata a ofesi kawirikawiri amakhala ndi chinthu choti inu muchite. Mukaona manambala papepala amene iye sanawatchule, funsani kuti iyi ndi ya chiyani. Ndipo mukamva mawu akuti "ndi zomwe zija", dziwani kuti munthuyo wakuuzani zimene zili m'mutu mwanu, osati zimene zili papepala.

Ndiye kutsimikiza kumayamba ndi mwini kalata, asanaitane aliyense. Ayang'ane dzina lake ngati lalembedwa monga lilili pachitupa chake. Ayang'ane dzina la mudzi. Azungulize ndi pensulo nambala iliyonse: tsiku lapamwamba, 2, 14. Pa nambala iliyonse funso ndi limodzi: ziwiri za chiyani, 14 za chiyani? Funso lophweka limenelo lokha likanavumbula hekitala ndi tsiku lomaliza.

Za masiku 14 ndiimepo pang'ono. Nthawi zambiri masiku otere amawerengedwa kuchokera pa tsiku lolembedwa pamwamba pa kalata, osati tsiku limene yafika m'manja mwanu. Kuno zimenezo si nkhani yaing'ono. M'dzinja, Lupande ndi timitsinje take zikadzaza, kalata yopita kwa Malama kapena kwa Nsefu itha kugona masiku khumi m'thumba la munthu wodikira kuti madzi aphwe. Mukailandira lembani kuseri kwake tsiku limene yakupezani, ndipo mboni isaine. Kenako tengani kalendala muwerenge ndi chala kufikira tsiku lomaliza, mulitchule dzina lake, Lachitatu lakuti la mwezi wakuti. Munthu amaiwala "masiku 14", koma saiwala Lachitatu.

Gawo lachiwiri la kutsimikiza ndi limene ndikufuna kuti mulitenge lero: owerenga akhale awiri, ndipo asawerengere pamodzi. Woyamba akhale mphunzitsi, mwachitsanzo. Wachiwiri akhale mkatekisiti, mlangizi wa zaulimi, kapena mbale wa ku Chipata amene mwamutumizira chithunzi cha kalatayo pafoni, tsamba lonse kuyambira pamwamba mpaka pa sitampa, ndi kuseri komwe ngati kwalembedwa. Wachiwiriyo musamuuze zimene woyamba wanena. Mukamuuza, adzangovomereza, chifukwa ndani afuna kutsutsa aphunzitsi? Ndipo onse awiri asakhale anthu amene apindula ndi yankholo. Mlamu wa wogula malo atha kukhala munthu wabwino kwambiri, koma pa kalata iyi asakhale wowerenga wanu.

Kawerengedwe kakenso muzilamula ndinu. Musanene kuti tandiuzani zimene akunena. Nenani kuti tandiwerengereni chiganizo chimodzichimodzi, chala chanu chili pamzere, ndipo mukafika pa liwu limene simuli nalo chitsimikizo mundiuze. Kupereka ufulu umenewo nkofunika. Wowerenga akadziwa kuti kunena "apa sindikudziwa bwino" sikumuchotsera ulemu, amanena, ndipo malo amene wakaikirawo nthawi zambiri ndi pamene pali nkhani.

Akamaliza onse awiri, afunseni mafunso ofanana. Kalatayi yavomera, yakana, kapena ikuti dikirani? Ine ndichite chiyani? Pofika liti? Ndikapanda kuchita, chichitike n'chiyani? Pa kalata ya mayi athu, mphunzitsi atha kunena kuti khonsolo yavomereza, zatha. Mlangizi n'kunena kuti ayi, khonsolo yangoti pempholo ndi loyenera, wopereka taitolo ndi wa ku Lusaka. Kusiyana kumeneku musakhumudwe nako, ndi kumene mumakufuna. Kwakuonetsani chiganizo chenicheni chimene muyenera kubwerera nacho kwa amene analemba. Ndipo pa nkhani iyi kusiyanako ndi kwakukulu: mayi wokhulupirira kuti zatha amakhala pansi n'kulira, pamene wodziwa kuti sizinafike kwa Komishonala amalemba kalata yotsutsa mawa m'mawa.

Njira ya owerenga awiri si yatsopano, ndipo mbiri ya maiko athu ano ikutiphunzitsa kufunika kwa nthawi yake. Pa 30 Okutobala 1888, Lobengula, mfumu ya Amandebele, inaika chizindikiro chake pa pepala la Chingerezi limene Charles Rudd ndi anzake anabweretsa m'malo mwa Cecil Rhodes. Womasulira anali mmishonale Charles Helm. Pepalalo linkalonjeza mapaundi 100 pamwezi, mfuti 1,000 ndi zipolopolo 100,000, posinthana ndi ulamuliro pa miyala yonse ya mtengo wapatali ya m'dziko lake. Pakamwa mfumuyo inauzidwa kuti azungu odzakumba sadzaposa khumi. Mawu amenewo papepala panalibe. Lobengula sanali wopusa. Mphekesera zitamufika, anaitana azungu ena okhala kwawoko kuti amuwerengere pepalalo mwatsopano, anazindikira kusiyana kwake, ndipo mu 1889 analembera Mfumukazi Victoria kukana panganolo. Koma pepala linali litayenda kale, ndipo mu 1890 gulu la Rhodes linalowa m'dziko la Mashona. Lobengula anachita zimene ndikukuuzani, koma anazichita chala chitadinda kale. Kwathu kunonso, mapepala amene Carl Wiese ankati anawapeza kwa Mpezeni ndiwo anakhala maziko a kampani ya North Charterland, imene inatenga gawo lalikulu la chigawo chino cha kum'mawa kufikira boma la atsamunda litaligula mu 1941.

Gawo lachitatu la kutsimikiza ndi kubwerera kwa wolemba kalata. Apa ndilankhule ndi mbali zonse ziwiri, chifukwa ena mwa inu ndinu amene mumakhala kuseri kwa tebulo.

Kuno munthu wamkulu akakufunsa kuti "Mwamva?", yankho ndi limodzi: "Tamva." Ndi ulemu, monga kuomba m'manja. Sikuyesa chilichonse. Anamwino ndi madokotala m'maiko ambiri anaona zimenezi kalekale, ndipo amaphunzitsidwa kuti akafotokozera wodwala kamwedwe ka mankhwala asamufunse ngati wamva, koma amupemphe kuti abwereze m'mawu akeake zimene akachite kunyumba. Amanena mwaulemu kuti, ndikufuna kuona ngati ine ndafotokoza bwino. Mwakutero mlandu wa kusamvana umakhala pa wofotokoza, ndipo wodwala sachita manyazi.

Mayi athu atha kugwiritsa ntchito njira yomweyi mosayembekezera kuti wa muofesi aiyambe. Alowe ndi kalata yawo ndi mboni imodzi, anene kuti: "Bambo, ndikuuzeni mmene ndamvera, mundikonze pamene ndaphonya. Malo amene alembedwa ndi malima asanu ndi atatu, kuyambira pamsewu kudutsa bwemba uja. Taitolo sinatuluke. Ine ndikafuna kutsutsa, ndibweretse kalata muno pasanafike Lachitatu lakuti. Ndikapanda kubweretsa, mutumiza pempholi ku Lusaka. Ndi choncho?" Taonani kuti sanabwereze mawu a kalata. Anena zochita, malo ndi tsiku, m'muyeso umene iwo amaudziwa. Munthu atha kuloweza chiganizo osachimvetsa, koma sanganene chimene akachite Lachitatu ngati sanamvetse.

Wa muofesi akati ayi, si choncho, pamenepo ndi pamene mwapindula ulendo wanu. Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi. Akakuuzani pakamwa chinthu chosiyana ndi chimene owerenga anu awiri anaona papepala, monga kuti musadandaule ndi masikuwo, bwerani nthawi iliyonse, mupempheni alembe mawuwo pakalata pomwepo, asaine, adinde. Akakana, tsatirani pepala.

Pa nkhani ya malo pali kuyesa kwina kumene kumaposa kuwerenga konse: kupita pamalopo. Mayiwo, atsibweni awo, anyakwawa ndi wopempha malo ayende m'malire ndi chingwe choyezedwa, kapena ndi mapazi a munthu wamtali amene sitepe yake imayandikira mita imodzi. Mamita 100 kwa 200 akayendedwa ndi miyendo, palibenso amene angati ndi awiri omwe aja.

Njirazi zili ndi malire ake, ndipo si bwino kuti ndikubisireni. Owerenga awiri atha kuphonya mofanana, makamaka ngati onse anaphunzira Chingerezi cha mtundu umodzi ndipo liwulo ndi la zamalamulo. Munthu atha kuwerenga bwinobwino kuti lizi ya zaka 99 n'kumaganizabe kuti ndi kubwereka kwa chikhalidwe chathu, kumene mwini munda amatha kudzaitanitsa malo ake ana akakula. Apo Chingerezi chamveka, koma lamulo silinamveke. Choncho pa nkhani ya taitolo, ya ngongole yokhala ndi chikole, kapena ya khoti, wowerenga mmodzi akhale munthu wodziwa ntchitoyo: wothandizira za malamulo, kalaliki wa khoti, kapena loya. Ulendo wa ku Chipata ndi makilomita oposa 100 ndipo ndi ndalama, ndikudziwa, koma uyerekezeni ndi malima asanu ndi limodzi a thonje chaka ndi chaka.

Malire ena ndi chinsinsi. Kalata ya malo ingawerengedwe pabwalo, koma ya kuchipatala kapena ya mlandu wa m'banja singayende m'manja mwa anthu awiri a m'mudzi. Kalata yotero wowerenga wachiwiri akhale namwino wina kapena kalaliki wina, munthu amene ntchito yake imamulamula kusunga pakamwa.

Tsopano mayi athu aganiza zotsutsa, ndipo apa mtsinje ukuyenda chobwerera. Iwo alankhula m'Chikunda, mlembi alemba m'Chingerezi, ndipo pansi pake padinda chala chawo. Ngozi yake ndi yomweija, mwinanso kuposa, chifukwa tsopano mawu a papepala akutchedwa awo. Malamulo a mapangano amene makhoti athu amatsata, ochokera ku Mangalande, amati munthu amamangidwa ndi chimene wasaina, kaya anachiwerenga kaya sanachiwerenge, ndipo khomo lothawira ponena kuti sindinadziwe ndi lopapatiza kwambiri. Mlembi wofuna kukometsa atha kulemba kuti mayiwo akukana kuti malo aperekedwe, pamene iwo akungokana kukula kwake. Mwakutero wawasandutsa munthu wobweza mawu amene banja linapereka pamaso pa anyakwawa, ndipo wawadanitsa ndi mfumu popanda chifukwa. Ndiye kalatayo isanadindidwe, munthu wina amene sanalipo polemba aitembenuzire m'Chinyanja kapena m'Chikunda, mayiwo akumvetsera. Zimene zabwerera zikafanana ndi zimene ananena, adinde. Pansi pake mlembi aonjezere mzere wonena kuti kalatayi yawerengedwa ndi kumasuliridwa kwa mwini wake m'chilankhulo chakuti, ndi munthu wakuti, pa tsiku lakuti, ndipo womasulirayo asaine.

Kalata yotsutsayo ikhale yaifupi ngati yoyamba ija. Itchule nambala ya failo, inene kuti banja linalola malima awiri, amene ndi theka la hekitala, ndipo miyeso yonse iwiri ilembedwe moyandikana kuti wowerenga wa ku Lusaka, amene mwina lima saidziwa bwino, asasokonezeke. Inene kuti mayiwo ndi munthu wokhudzidwa ndi malowo amene lamulo likuti afunsidwe. Ipite ku khonsolo, ina kwa amfumu kudzera mwa nduna zawo monga mwa mwambo, ina itsale kunyumba ili ndi sitampa.

Inu alembi a midzi ndi a mabungwe oyang'anira zachilengedwe, makalata ambiri otere amadutsa m'manja mwanu: a malo, a ngongole za thumba la chitukuko cha dera la Malambo, a mapangano a nkhalango, a makampani a thonje. Pempho langa ndi lakuti m'kabuku kanu muzitsegula tsamba pa kalata iliyonse ya Chingerezi imene munthu wabwera nayo. Lembanipo tsiku la kalata ndi tsiku limene inafika, maina a owerenga awiri, ndi mizere itatu m'Chinyanja yonena chimene mwini kalata ayenera kuchita ndi tsiku lake lomaliza. Mizere itatuyo muikoperenso pa kapepala kena, mukamangirire ku kalata ya Chingerezi ija ndi pini, mwini wake apite nazo zonse ziwiri. Ndipo mizereyo anene ndi iyeyo, inu muzingolemba.

 Amene mwabwera ndi makalata anu, tikhala pansi pano tiwaone limodzi, ndipo ndipempha aphunzitsi awiri akhale m'ngodya zosiyana.